Gaidi ya kosi ikuti APA 7, nanga refarensi yangayi yalakwika pati?

Funso: Aphunzitsi, zandivuta. Gaidi ya kosi yathu ikuti marefarensi tizilemba mu APA 7. Ine ndinalemba chonchi mu asayimenti, alekichara anangozunguliza mzere wonse ndi bolopeni yofiira nkundichotsera malikisi osanena cholakwika:

Virginia Braun and Victoria Clarke (2008) "Using Thematic Analysis In Psychology", Taylor & Francis, Vol. 3, No. 2, pp. 77-101. Retrieved from Google Scholar.

Chinanso, chitsanzo cha buku mu gaidimo chili ndi dzina la mzinda, pomwe mnzanga akuti APA 7 safuna mzinda. Nditsate ziti?

Yankho: Atikolo mwasankhayo ndimaidziwa, ndi yeniyeni, ndipo manambala a voliyumu, ishu ndi masamba mwakopera bwinobwino, ndiye mtima pansi kaye. Koma pamzerepo pali zolakwika za mitundu iwiri ndipo sizilemera mofanana. Zina ndi za maonekedwe chabe, timakoma, timadontho, zilembo zazikulu, zoti mukhoza kukonza mphindi ziwiri. Ziwiri zokha ndiye zazikulu, chaka chalakwika komanso dzina la jenolo mulibemo, ndipo ine ndikanakhala wochonga ndikanachotsera malikisi pa ziwiri zimenezi kuposa zina zonsezo, chifukwa munthu wofuna kukaipeza atikoloyo mwamutumiza njira yolakwika.

APA ndi chidule cha American Psychological Association, bungwe la akatswiri a za maganizo a anthu ku America, ndipo 7 yo akunena buku lawo la malamulo a kalembedwe lomwe linatuluka kachisanu ndi chiwiri kumapeto kwa 2019. Lachisanu ndi chimodzi linatuluka mu 2009, nambalayo muisunge tiifuna kutsogoloku. Kalembedwe kameneka kali ndi mbali ziwiri zomwe zimayenera kugwirana. Mkati mwa asayimenti mumangoika dzina la mlembi ndi chaka, basi. Kumapeto, pa tsamba la marefarensi, mumaika zonse. Wowerenga akaona dzina ndi chaka mkatimo amapita kumapeto, nkutsata alifabeti mpaka apeze mzere woyamba ndi dzina lomwelo ndi chaka chomwecho. Nchifukwa chake dzina limayamba, chaka nkubwera pambuyo pake pomwepo. Sikuti anangozikonda choncho ayi.

Mzere uliwonse wa kumapetoko umayankha mafunso anayi motsatana: analemba ndani, liti, mutu wake ndi chiyani, nanga chikupezeka kuti. Funso lililonse likayankhidwa mumatseka ndi fulusitopu. Ine ophunzira anga ndimawauza kuti asaloweze zitsanzo makumi awiri za buku, jenolo, lipoti, webusayiti ndi zina, angogwira mafunso anayiwa, chifukwa chimasinthasintha kwambiri ndi funso lomalizalo, atatu oyambawo amakhala pafupifupi chimodzimodzi.

Tiyambe ndi ndani. Mu APA dzina lomaliza, sanemu, ndi limene limatsogola, kenako kakoma, kenako chilembo choyamba chokha cha dzina loyamba, ndi cha lapakati ngati lilipo, chilichonse ndi kadontho. Virginia Braun asanduka Braun, V. ndipo Victoria Clarke asanduka Clarke, V. Inde onse awiri ndi a V., zinangochitika, musaganize kuti mwabwereza. Pakati pawo simulemba liwu loti and, mumaika chizindikiro cha &, ndipo chizindikirocho chisanabwere pamakhala kakoma ngakhale alembi ali awiri okha. Kakoma kameneka anthu ambiri amakasiya chifukwa kamaoneka ngati kosafunika. Ndiye gawo loyamba lituluka chonchi:

Braun, V., & Clarke, V.

Osasintha ndondomeko ya mayina. Pano zangogwirizana kuti B amabwera C asanabwere, koma atikolo ina mukapeza woyamba ndi wa Z wachiwiri wa A, musiye momwemo, alembi eni ake anagwirizana kuti woyamba akhale ndani. Alifabeti imagwira ntchito posanja mizere ya pa tsamba la marefarensi, osati mayina a mkati mwa mzere umodzi. Ndipo maudindo monga Dr kapena Prof salowa, ngakhale munthuyo mumamulemekeza bwanji.

Tsopano liti. Apa ndi pomwe panandisangalatsa chifukwa ndikudziwa komwe 2008 yanuyo mwaitenga, simunaipeke. Pa tsamba la atikoloyi pa intaneti pali mawu oti Published online ndipo chaka chili pamenepo ndi 2008. Koma limenelo ndi tsiku lomwe kampani inaika atikoloyo pa webusayiti yake, osati chaka chomwe inatuluka mu jenolo. Voliyumu 3, ishu 2 ya jenolo imeneyi ndi ya 2006. Majenolo ambiri akale anawaika pa intaneti patapita zaka, ena patapita zaka makumi angapo, ndiye mukamangotola deti yoyamba yomwe maso agwerapo mudzalemba kuti munthu amene anamwalira kalekale analemba atikolo chaka chatha. Chaka cholondola ndi chimene chimayenda limodzi ndi voliyumu. Njira yachidule yotsimikizira, tsegulani PDF yeniyeniyo muyang'ane pamwamba kapena pansi pa tsamba loyamba la atikolo, pamakhala dzina la jenolo, chaka, voliyumu ndi masamba pamzere umodzi. Mukakhala ndi PDF yomwe ili ndi tsamba lachikuto, pamakhalanso mzere woyamba ndi To cite this article, chaka chili pamenepo ndi chodalirika, ngakhale kasanjidwe kake si ka APA ndiye osangokopera mzere wonse.

Chaka chimalowa m'mabulaketi, ndipo fulusitopu imakhala kunja kwa bulaketi yotseka: (2006). Inu munasiya kadonthoko.

Mwina mukuti zaka ziwiri zokha vuto lili pati. Vuto ndi loti alembi omwewa alemba zambiri pa nkhani yomweyi m'zaka zotsatira, ndipo maganizo awo ena anawasintha kapena kuwafotokoza mwatsopano. Wochonga amene amaidziwa nkhaniyi akaona 2006 amadziwa kuti mukunena pepala liti. Akaona 2008 amayamba kukayika ngati munaliwerengadi kapena munangotola kwa munthu wina.

Funso lachitatu, mutu. Pano pali malamulo awiri oti anthu amawasokoneza. Mutu wa atikolo ya mu jenolo suikidwa m'makoteshoni, komanso supendeketsedwa, umangolembedwa wamba. Ndipo umalembedwa ngati chiganizo, kutanthauza kuti chilembo chachikulu chimakhala pa liwu loyamba lokha, kuphatikiza mayina a anthu, malo ndi zina zomwe nthawi zonse zimayamba ndi chachikulu. Zilibe kanthu kuti pa PDF anaulemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha kapena liwu lililonse analiyamba ndi chachikulu, inu mumautsitsa:

Using thematic analysis in psychology.

Mutu ukakhala ndi koloni pakati, timadontho tiwiri tija, liwu loyamba pambuyo pa koloniyo nalonso limayamba ndi chilembo chachikulu. Wanuwu ulibe, koma mudzakumana nazo posachedwa chifukwa anthu a maphunziro amakonda mitu ya koloni kwabasi.

Lachinayi, chikupezeka kuti. Munalemba dzina la kampani yomwe ili ndi webusayiti, kenako Google Scholar. Zonse ziwiri si kwawo kwa atikoloyi. Kampaniyo imasindikiza majenolo ambirimbiri, ndipo pafupifupi iliyonse ili ndi voliyumu 3 ishu 2 yake, ndiye wowerenga akayambira pati? Google Scholar nayo ndi njira yomwe munadzera pofufuza, mawa munthu wina adzera ku layibulale nkupeza atikolo yomweyo. Kwawo kwa atikolo ndi jenolo, ndipo iyi ndi *Qualitative Research in Psychology*. Pa atikolo ya mu jenolo dzina la kampani yosindikiza sililembedwa nkomwe, limalembedwa pa mabuku.

Taonani kuti dzina la jenolo likuchita zosemphana ndi mutu wa atikolo uja. Ilo limapendeketsedwa, mu Word ndi `Ctrl+I`, ndipo mawu ake akuluakulu onse amayamba ndi chilembo chachikulu, timawu ting'onoting'ono ngati in ndi of ndi timene timatsala. Ndiye liwu loti psychology likupezeka kawiri pamzere umodzi, koyamba ndi p wamng'ono, kachiwiri ndi P wamkulu, ndipo zonse nzolondola. Ophunzira ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti ndi kulakwitsa nkuzifananitsa, osatero.

Pambuyo pa dzina la jenolo pamabwera kakoma, kenako nambala ya voliyumu, yopendekeranso. Nambala ya ishu imalowa m'mabulaketi, siipendekera, ndipo imamatirira ku voliyumu popanda mpata. Mawu oti Vol. ndi No. amachoka. Kenako kakoma, kenako masamba, opanda pp. kutsogolo. Ndiye 3 wopendekera, (2) wowongoka, 77–101. Kamzere ka pakati pa masambako kamayenera kukhala kotalikirapo pang'ono kuposa kamene kali pa kiyibodi, mu Word mumakapeza ndi `Ctrl` pamodzi ndi chizindikiro chochotsera cha ku mbali ya manambala, kapena ku Insert kenako Symbol. Kunena zoona ine sindinachotserepo munthu malikisi pa kamzere kameneka, koma alipo anzanga amene amatero.

Chomaliza ndi DOI. Iyi ndi nambala yomwe atikolo imapatsidwa ndipo siisintha ngakhale jenolo isamuke kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, pomwe linki wamba ya webusayiti imatha kufa chaka chilichonse. APA 7 imati ngati chinthu chili ndi DOI muiike, kaya munachiwerenga pa pepala kaya pa foni, ndipo muilembe ngati linki yoyamba ndi https://doi.org/ popanda mawu oti Retrieved from kutsogolo. Ikatha simuika fulusitopu, chifukwa kadonthoko kakhoza kumatirira ku linki nkuiwononga. Mzere wonse tsopano ndi uwu:

Braun, V., & Clarke, V. (2006). Using thematic analysis in psychology. *Qualitative Research in Psychology*, *3*(2), 77–101. https://doi.org/10.1191/1478088706qp063oa

DOI imeneyi osaitayipa ndi manja chonde, koperani. Tayang'anani kumapeto kwake, pali 063 yomwe ikuyamba ndi ziro, kenako oa yomwe ikuyamba ndi chilembo o. Ndinachongapo ntchito ya wophunzira wina amene anatayipa yekha kuchokera pa pepala losindikiza, anaika ziro ponse pawiri, ine kudina linki ija inangondiuza kuti DOI yotere kulibe, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti refarensiyo ndi yopeka. Mukamaliza kulemba dinani linki iliyonse nokha muone ngati ikukufikitsani pa atikolo yoyenera.

Tibwerere mkati mwa asayimenti, chifukwa mukakonza kumapeto kokha nkusiya 2008 mkatimo ndiye mbali ziwiri zija sizigwirananso, wochonga aona ngati mwatchula ntchito ina yomwe simunaiike pa mndandanda. Pali njira ziwiri. Mayina akakhala mbali ya chiganizo chanu, mumalemba liwu loti and, chaka chokha ndi chimene chimalowa m'mabulaketi:

Braun and Clarke (2006) describe six phases of analysis.

Mayina akakhala m'mabulaketi kumapeto kwa chiganizo, mumagwiritsa &, ndipo fulusitopu ya chiganizo imabwera bulaketi itatsekedwa, osati isanatsegulidwe:

The analysis followed six phases (Braun & Clarke, 2006).

Mainisho aja a V. salowa mkatimu. Mutu wa atikolo sulowa, linki siilowa. Alembi awiri mumawatchula onse nthawi iliyonse, ngakhale kakhumi. Akakhala atatu kapena kuposa, mumalemba woyamba yekha nkuwonjezera et al. kuyambira ulendo woyamba womwe, kadontho kali pa al osati pa et. Koma et al. ndi ya mkati mokha, pa tsamba la marefarensi mumalemba mayina onse mpaka 20. Akapitirira pamenepo mumalemba 19 oyamba, timadontho titatu, kenako womaliza.

Nambala ya tsamba imafunika mukatenga mawu enieni a mlembi nkuwaika m'makoteshoni. Mwachitsanzo tanthauzo lomwe alembiwa anapereka la njira yawoyi lili pa tsamba 79, ndiye mukalikopera liwu ndi liwu mumatseka ndi (Braun & Clarke, 2006, p. 79). Tsamba limodzi ndi p., angapo ndi pp. Eya, pp. yemwe tamuthamangitsa kumapeto uja mkati muno ndi wololedwa. Mawu otengedwawo akafika 40 kapena kuposa, makoteshoni amachoka, mumawaika pa ndime yawoyawo yolowa mkati pang'ono. Mukafotokoza m'mawu anuanu tsamba silokakamiza mu APA, komabe ena mu gaidi yawo amalifuna, ndiye kaoneni yanuyo ikuti bwanji.

Pa nkhani ya masambayi pali msampha wina. Atikolo yanuyi ikuyamba pa 77 kuthera pa 101, masamba 25. Pulogalamu yowerengera PDF ikuuzani kuti muli pa tsamba 3 kapena 4, imeneyo si nambala yolemba, yolemba ndi imene yasindikizidwa pa tsamba penipenipo. Komanso pa intaneti pamayenda makope ena a atikolo omwe ndi zolemba za mlembi zisanasanjidwe ndi jenolo, amaoneka ngati asayimenti ya mu Word ndipo masamba ake amayambira pa 1. Mawu ake amakhala pafupifupi omwewo koma manambala ndi ena. Mukaona kuti mwalemba p. 6 pomwe refarensi yanu ikuti 77–101, dziwani kuti mwagwira kope lotere, ndipo wochonga watcheru amaona msanga chifukwa 6 sali pakati pa 77 ndi 101. Pezani kope la jenolo kudzera ku layibulale yanu mutengeko nambala yeniyeni.

Tsopano za mzinda zija. Mnzanuyo akunena zoona. Mu APA 6 buku linkalembedwa ndi mzinda kenako koloni kenako wosindikiza, mu APA 7 mzinda anauchotsa. Titenge buku lodziwika la Thomas Kuhn, lomwe linatuluka koyamba mu 1962 nkutulukanso kachiwiri mu 1970. Ngati m'manja mwanu muli lachiwirilo, APA 7 ikufuna chonchi:

Kuhn, T. S. (1970). *The structure of scientific revolutions* (2nd ed.). University of Chicago Press.

Mu APA 6 kumapetoko kukanakhala Chicago, IL: University of Chicago Press. Kusiyana nkomweko. Koma taonaninso kuti mafunso anayi aja ndi omwewo, chasintha ndi choti pano chopendekera ndi mutu wa buku, chifukwa buku limaima palokha pomwe atikolo imakhala mkati mwa jenolo. Chimene chimapendekera ndi chinthu chomwe mungachinyamule pa shelefu. Mutuwo ukadali wolembedwa ngati chiganizo, edishoni ili m'mabulaketi yosapendekera, ndipo chaka ndi cha edishoni yomwe mwawerenga, osati 1962, chifukwa masamba ndi mawu ena amasiyana. Buku likakhala lotuluka koyamba simulemba 1st ed., mumangosiya.

Ndiye chinachitika ndi gaidi yanu nchiyani? Mwachidziwikire inalembedwa nthawi ya APA 6, kenako munthu anangosintha nambala pamwamba kukhala 7 osakhudza zitsanzo. Zimachitika kwambiri, nanenso ndinagawirapo kalasi gaidi yotere chaka chathunthu mpaka wophunzira wina anachita kundionetsa, manyazi ake osanena. Mukhoza kutsimikiza poyang'ana zitsanzo zina mu gaidimo. Ngati DOI yalembedwa kuyamba ndi doi: m'malo mwa linki, ngati linki iliyonse ili ndi Retrieved from kutsogolo, ngati akuti alembi atatu mpaka asanu muwatchule onse ulendo woyamba kenako muziti et al., ngati akuti pa mndandanda mayina asapitirire 7, zonsezo ndi zizindikiro za APA 6. Mukapeza ziwiri kapena zitatu mwa izi ndiye kuti gaidi yonse ndi yakale, dzina lokha ndiye latsopano.

Zikatero musasankhe nokha mwakachetechete. Wochonga ntchito yanu ndi alekichara, si bungwe la ku America lija, ndipo sukulu kapena dipatimenti ili ndi ufulu wosintha zina ndi zina pa kalembedwe, ngakhale buku la APA lomwe limavomereza kuti pa ntchito za ophunzira malangizo a mphunzitsi atsatidwe. Kusiyana kuli apa: gaidi ikanena poyera kuti ife tikufuna mzinda ngakhale APA 7 siufuna, limenelo ndi lamulo la kosi, tsatirani osatsutsa. Koma ikangoti APA 7 kenako chitsanzo nkusemphana ndi mawu akewo, pamenepo palibe amene akudziwa chimene akufuna mpaka mutafunsa. Alembereni uthenga waufupi, muikemo mizere iwiri ya buku limodzi, wina wa mzinda wina wopanda, nkufunsa kuti nditsate uti. Funso lotere amayankha msanga kuposa lija loti sindikumvetsa marefarensi, chifukwa angoyankha liwu limodzi. Yankholo lisungeni, likakhala lolembedwa ndi bwino kuposa la pakamwa pa khonde.

Nanga tsiku lopereka likafika asanayankhe? Ine ndingatsate APA 7 yeniyeni, chifukwa ndi imene yalembedwa ngati lamulo ndipo mukhoza kuiteteza ndi buku lake kapena webusayiti ya APA Style yomwe ili ndi zitsanzo zaulere. Anzanga ena angakuuzeni kuti tsatani chitsanzo cha mu gaidi poti wochonga amafananitsa ndi chimenecho, ndipo mfundo yawo ndi yomveka ndithu. Chimene tonse timagwirizana nchakuti musasakanize. Mabuku atatu a mzinda, awiri opanda, apo ndiye mwalakwa mbali zonse ziwiri ndipo palibe chodzitetezera.

Ndionjezere pang'ono za komwe Vol., pp. ndi makoteshoni anu aja anachokera, chifukwa sindikukhulupirira kuti munazilota. Zimenezo zimafanana ndi kalembedwe kotchedwa Harvard, komwe mutu wa atikolo nthawi zambiri umakhala m'makoteshoni, masamba amakhala ndi pp., ndipo pambuyo pa chaka sipakhala fulusitopu. Mwina kosi ina munaphunzira kameneko. Mkati mwa asayimenti Harvard ndi APA zimaoneka ngati mapasa, dzina ndi chaka, nchifukwa chake anthu amaganiza kuti nzimodzi. Kusiyana kwakukulu nkwakuti APA ili ndi mwini wake ndi buku limodzi la malamulo, pomwe Harvard ilibe, sukulu iliyonse ili ndi mtundu wake. Ndiye tsiku lina gaidi ikadzati Harvard, chitsanzo cha mu gaidimo ndiye lamulo lenilenilo, palibe kwina kokadandaula.

Za mapulogalamu. Batani la Cite pa Google Scholar limathandiza poyambira koma mzere wake wa APA nthawi zambiri umabwera wopanda DOI, ndipo dzina la jenolo limatha kubwera ndi zilembo zazing'ono, komanso mukaukopera kupendekera kuja kumatha kutayika panjira. Mu Word, ku References, makompyuta ambiri pa Style pamalembedwa APA Sixth Edition, ndiye muyang'ane kaye musanakhulupirire, apo ayi ikubwezerani mzinda womwe mukuuthawawo. Pulogalamu yotchedwa Zotero ndi yaulere ndipo ili ndi APA 7, ine ndimagwiritsa imeneyo, koma nayonso imangosanja zimene mwaipatsa. Ikakoka 2008 pa webusayiti idzakulemberani 2008 mwaukhondo kwambiri, timakoma tonse tili m'malo mwake. Chilichonse chomwe pulogalamu yatulutsa chifananitseni ndi tsamba loyamba la PDF, makamaka chaka, dzina la jenolo ndi zilembo za mutu.

Tsamba la marefarensi lenilenilo limayamba pa tsamba latsopano, pamwamba pakati liwu loti References lakuda kwambiri, osati Bibliography. Mizere imasanjidwa mwa alifabeti potsata sanemu ya mlembi woyamba, popanda manambala kapena timadontho kutsogolo, ndiye Braun abwera Kuhn asanabwere. Mpata wa pakati pa mizere ndi wa dabulo. Refarensi ikatalika kupitirira mzere umodzi, woyamba umayambira kumphepete, otsatirawo amalowa mkati ndi 1.27 cm, yomwe ndi theka la inchi. Osapanga zimenezi pomenya sipesi kapena `Tab`, zimabalalika mukangosintha fonti. Sankhani marefarensi onse nkudina `Ctrl+T`, kapena pitani ku Paragraph, pa Special musankhe Hanging.

Pa tsambali pamalowa zokhazo zomwe mwazitchula mkati, ndipo chilichonse chotchulidwa mkati chipezeke pamenepa. Ngati Braun ndi Clarke simunawawerenge nokha koma munawapeza atatchulidwa m'buku lina, APA ili ndi njira yake, mumalemba as cited in nkutchula buku lomwe munawerengalo, ndipo pa mndandanda pamalowa bukulo osati iwowo. Koma atikolo iyi ndi yosavuta kuipeza ndipo inu muli nayo kale, ndiye pano sizikukukhudzani.

Musanaperekenso, tsegulani asayimentiyo, `Ctrl+F`, tayipani Braun. Paliponse pomwe dzinali latuluka muone kuti chaka ndi 2006, kunja kwa mabulaketi kuli and, mkati muli &, ndipo Clarke ali ndi e kumapeto, chifukwa kompyuta siikuchenjezani mukalemba Clark. Kenako tayipani 2008 muone ngati yatsalira penapake. Mukatero chitani chimodzimodzi ndi dzina lotsatira pa mndandanda wanu, mpaka pansi, PDF yake ili yotsegula pambali.